Nthabwala ya usipa imene inafika anthu atapita kale

Funso: Ndikulemba nkhani yaifupi ya mtsikana wa ku Senga Bay amene amajambula tizisudzo pa foni n'kumaika pa YouTube. Ndikufuna kuti tsiku lina azindikire, poyang'ana gilafu yosonyeza mmene anthu amaonerera kanema wake, kuti nthabwala yake yokoma kwambiri anaiika mochedwa. Vuto n'lakuti ine gilafuyo sindinaionepo. Imaoneka bwanji, munthu angadziwe bwanji zimenezi pongoiyang'ana, ndipo mtsikana wotere angachite chiyani pambuyo pake? Sindikufuna kulemba zabodza. (Mlembi wongoyamba kumene, Salima)

Yankho: Tiyambe ndi chinthucho monga chimaonekera m'manja, alembi, chifukwa mukachiona bwino, theka la nkhani yanu lilembeka lokha.

Mtsikana wanu sadzaipeza gilafuyi pa YouTube imene tonsefe timaonerapo makanema. Ili mu pulogalamu ina ya eni makanema yotchedwa YouTube Studio. Akatsegula, amasankha kanemayo, n'kulowa pa `Analytics`, kenako pa `Engagement`, ndipo pamenepo amapeza gawo lolembedwa `Key moments for audience retention`. Chimene amaona ndi mzere umodzi. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi ya kanemayo, kuyambira pa 0:00 mpaka pothera. Kuchokera pansi kupita pamwamba ndi kuchuluka kwa oonera, pa 100 alionse amene anatsegula kanemayo. Ndiye malo alionse pa mzerewo akuyankha funso limodzi lokha: pa sekondi imeneyi, ndi angati amene anali akadalipo? Mzerewo umayambira pamwamba kumanzere n'kumatsika. Palibe kanema amene mzere wake sutsika. Nkhani imakhala pa katsikidwe kake: pena umagwa ngati chiphompho, pena umatsetsereka pang'onopang'ono ngati mchenga wolowera m'nyanja, ndipo pena umatumphuka kachulu.

Pali zinthu zitatu zing'onozing'ono zimene zingakugwetseni m'bodza mukapanda kuzidziwa. Choyamba, gilafuyi situluka nthawi yomweyo. Imatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ioneke. Choncho mtsikanayo sangaike kanema madzulo n'kuona zonse usiku womwewo. Chachiwiri, kuti YouTube imuikire zizindikiro za malo okwera ndi ogwa, kanemayo ayenera kukhala wa masekondi 60 kapena kuposa, ndipo akhale ataoneredwa ka 100 kapena kuposa. Chachitatu, kuyambira mu Okutobala 2024, kanema wojambulidwa foni itaimirira amene sakupitirira mphindi zitatu amawerengedwa ngati wa `Shorts`, ndipo kumeneko anthu amaonera mosiyana, chifukwa amangokankha chala n'kupita kwina. Kuti musasokoneze zinthu, mtsikana wanu ajambule foni ataigoneka chopingasa, ataitsamiritsa pa dengu kapena pa mphumi ya bwato.

Kuchedwa kwa gilafuku musakuone ngati chopinga. Ndi mphatso kwa mlembi. Kukupatsani masiku awiri amene mtsikanayo akukhala mu chimwemwe chimene inu ndi owerenga mukudziwa kuti chitha.

Tsopano tipange kanema wake, chifukwa gilafu yopanda kanema ilibe tanthauzo. Manambala onse amene nditchule pano ndi ongopeka kuti nkhani yanu iime, koma ndawapeka motsatira mmene mizere yotere imayendera. Tinene kuti mtsikanayo amasewera anthu awiri yekha: mayi wogulitsa usipa pa thandala, atamanga chitenje ndi duku, ndi mayi wa m'tauni amene wabwera kudzapuma kunyanja, wa magalasi akuda ndi nsapato za gogoda. Kanemayo ndi wa mphindi ziwiri ndi theka. Masekondi 14 oyamba akupereka moni: akulonjera a ku Salima, a ku Lilongwe, a ku Joni, n'kufunsa mmene adzukira. Masekondi 11 otsatira akuzunguza foni kuonetsa nyanja, mabwato ndi kachilumba kali patsogolo. Kenako masekondi 10 akufotokoza zimene achite lero n'kupempha anthu kuti azimutsatira. Chisudzo chenicheni chikuyamba pa 0:35, pomwe mayi wa m'tauni akuvutika kuyenda pamchenga ndi gogoda zake mpaka pa 1:00. Kuchokera pamenepo akunenerera mtengo, ndipo muli tinthabwala titatu tosekesa pang'ono. Pa 1:44 wogulitsa akuti mbale ndi K5,000. Wa m'tauni akuti iye ali ndi K1,000. Kenako akuwerama, kuyang'anitsitsa nsombazo, n'kufunsa monyansidwa kuti: "Nanga bwanji nsomba zanuzi zangoti kukamwa yasa?" Wogulitsa, osaseka ngakhale pang'ono, pa 1:52 akuyankha kuti: "Zamva mtengo umene mwatchulawo, mayi." Zotsalazo ndi kukangana pang'ono ndi masekondi 20 otsanzika.

Waika kanemayo Lachisanu madzulo. Loweruka ndemanga zayamba kubwera, ndipo pafupifupi zonse zikubwereza mawu omwewo: "Zamva mtengo!" Anzake a kusukulu akumuimbira. M'maganizo mwake, aliyense amene watsegula kanemayo wafa n'kuseka. Pamenepa ndi pamene ndimafuna alembi amvetse chinthu chimene opanga makanema ambiri chimawapusitsa. Ndemanga zimalembedwa ndi amene anafika kumapeto. Amene anachoka pa sekondi ya 12 sanalembe kalikonse, sanadandaule, sanatsanzike. Zili ngati kufunsa anthu amene atsala pamsonkhano dzuwa litalowa ngati msonkhano unali wabwino: amene unawatopetsa ali kale kunyumba akudya nsima. Gilafu ndiyo yokha imene imawerenga amene anapitawo.

Lolemba m'mawa gilafu yatuluka, kanemayo ataoneredwa ka 1,000. Akayendetsa chala pa mzerewo, akuona izi. Pa 0:05 atsala 85 pa 100. Pamene akumaliza moni, pa 0:14, atsala 70. Pa 0:30 atsala 52, ndipo nambala imeneyi YouTube imaionetsa payokha pansi pa dzina loti `Intro`, chifukwa imayeza masekondi 30 oyamba. Ndiye kuti chisudzo chisanayambe n'komwe, pafupifupi theka la anthu lapita. Pa 1:00 atsala 33. Mzere ukupitiriza kutsetsereka mpaka pa 1:44, pamene atsala 18. Kenako pakuchitika chinthu chachilendo: mzere umene wakhala ukutsika kuyambira pachiyambi ukukwera mpaka 24, n'kukhala pamenepo masekondi pafupifupi 10, kenako n'kugweranso pa 15. Potsanzika paja ukutha ndi 7.

Kachulu kameneko ndiko mtima wa nkhani yanu, ndipo ndikufuna mukamvetse bwino. Munthu angafunse kuti, mzere ungakwere bwanji anthu atachoka kale? Kodi abwerera? Ayi. Gilafuyi imawerenga kangati sekondi iliyonse yaoneredwa. Munthu mmodzi akabweza kanema kuti amvenso mawu ena, sekondi zimenezo zimawerengedwa kawiri. N'chifukwa chake pa makanema ena mzerewu umatha kupitirira 100. Ndiye pa kanema wa mtsikana wanu, anthu 180 ndi amene anafika pa nthabwalayo, ndipo kukwera kuchoka pa 18 kufika pa 24 kukutanthauza kuonera kowonjezera pafupifupi 60. Tingoti mwa anthu atatu alionse amene anaimva, mmodzi anabweza kuti aimvenso. Imeneyo ndi nthabwala yamphamvu kwambiri. Koma anthu 820 sanaimve n'komwe.

Taonani kaonekedwe kena kamene kangapangitse wodziwa zinthuzi kukhulupirira kuti munaionadi gilafuyo. Kachuluko sikayambira pa 1:52 penipeni pamene pali yankho. Kamayambira masekondi angapo m'mbuyo. Chifukwa chake n'chakuti munthu woonera pa foni akagogoda kawiri kumanzere kwa sikirini, kanema amabwerera masekondi 10. Munthu wamva yankho, waseka, wagogoda kawiri, ndipo wapezeka ali cha pa 1:45, pamene mtengo wangotchulidwa. Choncho mtsikanayo akayang'ana koyamba akhoza kusokonezeka: bwanji anthu akonda malo amene ndikungotchula K1,000? Ayenera kutsegula kanemayo pa nthawi imeneyo, kumvetsera mpaka kachuluko katathera, ndipo m'pamene azindikire kuti kakuthera pa mawu a nsomba zija. Kamphindi kosokonezeka kameneko mukalembe. Kuzindikira kobwera pang'onopang'ono kumagwira mtima kuposa kumene kumangogwa ngati mphezi.

Koma musamulole afulumire kukhulupirira. Kachulu pa gilafu sikamanena kuti anthu anaseka. Kamangonena kuti malowo anaoneredwa mobwereza. YouTube yomwe imachenjeza kuti malo otere, amene imawatcha `Spikes`, akhoza kutanthauza kuti anthu anakonda kapena kuti sanamve bwino. Ndipo ku Senga Bay chifukwa chachiwirichi n'chenicheni. Aliyense amene anajambulapo m'mbali mwa nyanja nthawi ya mwera, miyezi yozizira ija, akudziwa mmene mphepo imawombera pa kabowo ka maikolofoni ya foni mpaka mawu a munthu kumira. Ngati yankho la wogulitsa linagwera pa nthawi imene mphepo inawomba, anthu anabweza chifukwa sanamve, osati chifukwa anakomedwa. Angasiyanitse bwanji? Njira yoyamba ndi khutu: amvetsere malowo pa sipika ya foni, osati pa mahedifoni, chifukwa ambiri mwa oonera ake amamvera pa sipika, ali m'minibasi kapena pakhonde. Njira yachiwiri ndi ndemanga zija. Tsopano zapeza ntchito yake yoyenera. Sizingamuuze kuti ndi angati anafika, koma ngati anthu akulemba mawuwo ndendende mmene anawanenera, ndiye kuti anawamva bwino. Njira yachitatu ndi kuyang'ana chimene chili kumbuyo kwa kachuluko. Mzere ukagwa mwadzidzidzi n'kupanga dzenje, kenako n'kukwera, nthawi zambiri ndiye kuti anthu analumpha chigawo chotopetsa n'kudzatera kutsogolo. Kwa mtsikana wanu dzenje lotere palibe. Mzere unkatsetsereka bwinobwino kenako n'kutumphuka, ndiye kuti kunali kubweza.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa anthu. Ndasankha dala 1,000. Mukanati kanemayo waoneredwa ka 100 kokha, kukwera kochoka pa 18 kufika pa 24 kukanakhala kuonera kasanu n'kamodzi, ndipo zimenezo msuweni mmodzi yemwe akuonetsa anzake pa chigayo akhoza kuzichita yekha. Pa manambala ochepa mzerewu umadumphadumpha popanda chifukwa. Ngati mukufuna kuti mtsikanayo akhale wongoyamba kwenikweni, mupatseni mazana angapo, koma osatsika kwambiri.

Mwina m'nkhani mwanu mudzakhala wina womutonthoza kuti: "Usadandaule, anthu bandulo inawathera, netiweki inavuta." Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, chifukwa kuno munthu amaonera kanema akuwerengera mamegabaiti ake. Koma mtsikana wochenjera adzaona kuti sakufotokoza gilafu yake. Bandulo simathera anthu 300 nthawi imodzi m'masekondi 14 oyamba. Kutha kwa bandulo ndi kuvuta kwa netiweki kumamwazikana paliponse m'kanemamo. Kugwa kochitikira malo amodzi kumasonyeza kuti pamalopo pali chimene chikuthamangitsa anthu. Ndipo kunena zoona, kudula kwa bandulo kukungowonjezera mlandu wake: munthu amene akulipira sekondi iliyonse sapirira moni wautali. Fodya wake ndi amene ali pamphuno, osati amene walonjezedwa pa 1:52.

Apa ndifike pa chimene ndikuona kuti n'chofunika kwambiri pa nkhani yanu, kuposa manambala onsewa. N'chifukwa chiyani anaika nthabwala yake kumapeto? Mukamulemba ngati wosadziwa kanthu, mumulakwira, ndipo nkhaniyo idzakhala yosakoma. Mtsikanayu anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo anaphunzitsidwa bwino. Anakulira pa nthano za agogo ake, zimene zimayamba ndi "Padangokhala", ana n'kuvomera "Tili tonse", ndipo Kalulu sapusitsa Njovu pa chiganizo choyamba. Anaphunzira kuti munthu safika pakhomo n'kuyamba nkhani asanapereke moni. Anaona anthu a zisudzo pa siteji akusunga chokoma kuti chikhale chotsekera. Zonsezi zimagwira ntchito chifukwa omvera akhala kale pansi. Mwana amene wakhala pamoto sanganyamuke agogo ali pakati pa nthano, ndipo "Tili tonse" uja ndi lonjezo lakuti sitichoka. Pa foni palibe amene walonjeza zimenezo. Munthu amene YouTube yamuonetsa kanemayo sakumudziwa mtsikanayo, sanabwere kudzacheza naye, ndipo chala chake chili pa sikirini nthawi yonse. Gilafu ija ndi "Tili tonse" wolembedwa sekondi ndi sekondi, ndipo ikumuuza kuti pofika pa nthabwala yake ovomera anatsala 18.

Ndakhala pansi ndi achinyamata angapo pamene akuona mzere umenewu koyamba, ndipo chimene chimandikhudza si kukhumudwa kwawo ayi. Ndi kachetechete amene amabwera akazindikira kuti chigawo chimene chathamangitsa anthu ndi chimene iwo anachichita mwaulemu. Mmodzi anandifunsa kuti, "Ndiye ndisamapereke moni?" Funso limenelo ndi lolemera, ndipo ndikanakonda mtsikana wanu alifunse, kapena amayi ake amufunse pamene aona kanema wachiwiri: "Mwana wa ndani woyamba kuyankhula ngati wagwa kumwamba?" Mkangano wa nkhani yanu uli pamenepo, pakati pa mwana ndi mayi ake pa thandala, osati pakati pa mwana ndi foni.

Tsopano achite chiyani? Choyamba mudziwe chimene sangathe. Pa YouTube munthu sangachotse kanema n'kulowetsapo wina pamalo omwewo kuti manambala ndi ndemanga zikhalebe. Mu YouTube Studio ya pa kompyuta muli `Editor`, imene imalola kudula chiyambi, mapeto kapena chigawo cha pakati, kanemayo n'kukhalabe ndi manambala ake. Koma simalola kusuntha chigawo kuchoka kumapeto kupita koyambirira. Ndiye ali ndi njira ziwiri. Akhoza kupempha kompyuta kwa wina n'kudula masekondi 35 oyamba, zimene zingabweretse nthabwala ija pa 1:17. Zathandiza, koma akadali kutali. Kapena akhoza kubwerera ku zimene anajambula, zimene zikadali mu foni ngati sanazifufute posowa malo, n'kuzilumikizanso mu pulogalamu ngati CapCut, n'kuika kanema watsopano amene ayambire pa ziro. Kwa nkhani yanu njira yachiwiriyi ndiyo yokoma, chifukwa ikumupweteka: akusiya 1,000 wake woyamba.

Msampha umene alembi ambiri angagwemo ndi kulemba kuti anangotenga nthabwalayo n'kuiika pa sekondi yoyamba. Yesani nokha. Tsegulani kanema, mayi wa duku n'kunena kuti "Zamva mtengo umene mwatchulawo." Palibe angaseke, chifukwa palibe akudziwa kuti zamva n'chiyani, kapena mtengo wanji. Nthabwala ili ndi miyendo imene imaimirapo, ndipo ntchito ya mtsikanayo ndi kupeza kuti miyendoyo ndi ingati. Afunse chigawo chilichonse funso limodzi: ndikachotsa ichi, yankho lija lisekesabe? Moni akachotsa, lisekesabe. Nyanja ndi mabwato akachotsa, lisekesabe. Gogoda pamchenga, ngakhale anavutika nazo pojambula mpaka chala kutupa, akachotsa lisekesabe. Tinthabwala titatu tija chimodzimodzi. Zimene sizingachoke ndi zitatu zokha: woonera aone nsomba zoyasama, amve kusiyana kwa K5,000 ndi K1,000, ndipo amve funso la mayi wa m'tauni. Zitatuzi zimakwana m'masekondi 8. Pa kanema woyamba zinadikira masekondi 104 kuti ziyambe.

Ndiye kanema wachiwiri akuyamba chonchi. Chithunzi choyamba ndi usipa uli pafupi kwambiri ndi kamera, tikamwa tonse yasa. Mawu a wogulitsa akumveka nthawi yomweyo: "Mbale K5,000." Nkhope ya wa magalasi: "Ndili ndi K1,000." Akuwerama, akufunsa. Pa 0:08 yankho lagwa. Ngati pa sekondi imeneyo atsala 76 pa 100, ndiye kuti mwa anthu 1,000 aimva 760, pamene poyamba anaimva 180. Nthabwala yomweyo, mawu omwewo, nkhope yomweyo, koma yafika kwa anthu ochuluka kuposa kanayi.

Poyerekeza makanema awiriwa, mtsikanayo asamale ndi nambala yolembedwa `Average percentage viewed`. Kanema wamfupi nthawi zambiri amakhala ndi nambala yokwera pamenepa chifukwa choti ndi wamfupi basi. Akadula kanema wa masekondi 150 kukhala wa masekondi 65, nambalayo ikwera ngakhale asanakonze china chilichonse. Funso lake linali lakuti ndi angati anamva nthabwalayo, ndiye ayang'ane kutalika kwa mzere pa sekondi imene nthabwalayo ili, pa kanema aliyense. Akumbukirenso kuti oonera a tsiku loyamba ambiri amakhala achibale ndi anzake amene wawatumizira pa WhatsApp, ndipo amenewo amapirira chifukwa amamukonda. Mzere umanena zoona kwambiri pamene alendo ayamba kufika.

Ndikupempheni chinthu chimodzi mwamphamvu: musamalize nkhaniyi ndi kanema wachiwiri ataoneredwa ndi dziko lonse, mtsikanayo n'kugula galimoto. Sizichitika choncho, ndipo owerenga amene amapanga makanema adzaitaya nkhaniyo pomwepo. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chosangalatsa kuposa pamenepo. Gilafu yachiwiri imabwera ndi vuto latsopano. Anthu 760 amva nthabwala pa 0:08, aseka, ndipo pofika pa 0:15 atsala 500. Akhuta. Analandira chimene chinali chokoma ndipo palibe chowauza kuti kutsogolo kuli china. Apa mtsikanayo akuphunzira kuti agogo ake sanalakwe: chokoma chiyenera kukhalapo kutsogolo. Chimene chasintha n'chakuti pafunika chokoma china pakhomo, chakuti munthu alowe. Nthabwala ya nsomba ikhale yotsegulira, koma isiye ngongole. Mwachitsanzo, mayi wa m'tauni akamva yankho lija asachoke. Avule magalasi pang'onopang'ono, aike chikwama pansi, n'kunena kuti, "Chabwino, tiyeni tizifunse zimene zikufuna." Tsopano woonera akufuna kudziwa kuti nsombazo ziyankha chiyani, ndipo tinthabwala titatu tija, timene poyamba tinkangochedwetsa, tikhoza kubwerera ngati masitepe opita ku yankho lomaliza. Kulemba nthabwala yachiwiri yolingana mphamvu ndi yoyamba ndi ntchito imene gilafu singamuchitire. Imangomuonetsa pamene anthu anachokera. Chifukwa chake ndi chochita zimatsalira iye.

Za moni zija, sikuti achotseretu. Opanga makanema ambiri amausuntha. Ukhoza kubwera pambuyo pa kuseka koyamba, wa masekondi awiri, pamene munthu wayamba kale kumukonda. Kapena ukhoza kulowa m'chisudzo momwemo, wogulitsa n'kulonjera kasitomala wake monga amachitira aliyense pamsika. Amayi ake mwina sangakhutire ndi zimenezi, ndipo simukuyenera kuwakhutiritsa. Asiyeni akhale ndi mbali yawo ya choonadi.

Popeza ndinu mlembi, ndikuuzeninso za kamangidwe ka nkhani yanuyo, chifukwa nayonso ili ndi owerenga amene angachoke. Musayambe ndi ndime zitatu zofotokoza kukongola kwa nyanja ndi mbiri ya banja la mtsikanayo. Owerenga amve nthabwala ya nsomba msanga, mwina kuchokera pakamwa pa amayi ake enieni akuyankha kasitomala weniweni, mtsikanayo ali pambali akutembenuza usipa. Akaseka nayo pa tsamba loyamba, adzamva kuwawa pamene mzere ukuonetsa kuti anthu 820 anaiphonya, chifukwa iwo akudziwa chimene anthuwo anataya. Ndipo musadzaze nkhaniyo ndi manambala onse amene ndakupatsani. Amenewa ndi oti inu mudziwe. M'nkhanimo atatu akwana: 52, 18 ndi 24.

Pa chithunzi cha kuzindikira chija, ine ndikanachiika m'mawa kwambiri, asodzi atangobwera kumene ndi usipa wa usiku, nyali zawo atazimitsa. Mtsikanayo wakhala pa bwato lovundikira, foni ili ndi moto wochepa chifukwa usiku magetsi kunalibe. Dzuwa likuwala pa sikirini, ndiye waphimba ndi chitenje kuti aone bwino. Chala chake chili ndi mamba, chikusiya chizindikiro pa galasi pamene akuchiyendetsa pa mzerewo. Akufika pa kachulu kaja, akutsegula kanemayo pa 1:45, ndipo mawu ake omwe akumveka pa sipika: "Zamva mtengo umene mwatchulawo, mayi." Amayi ake, amene akuyala nsomba pa thandala chapafupi, akuseka osatembenuka, monga asekera nthawi zonse akamva mawuwo. Mtsikanayo sakuseka. Akubweza chala kumanzere, kudutsa gogoda, kudutsa mabwato, mpaka pa 0:14, pamene nkhope yake ikumwetulira ikumaliza kulonjera anthu a ku Joni, ndipo akuwerenga nambala imene ili pamenepo kachiwiri.